Vidiyo yanu siikupezeka pa YouTube: musankhe mawu otchuka kapena mawu aatali olunjika?

Vutoli limabwera mofanana kwa pafupifupi aliyense amene wangotsegula tchanelo. Mwajambula vidiyo, mwaikonza mpaka usiku, bandulo yathera poikweza. Tsiku loyamba anthu 30 kapena 40 aionera, popeza munaitumiza pagulu la WhatsApp la achibale ndi la kutchalitchi. Tsiku lachitatu nambala yaima njii, ndipo mwezi ukutha idakali pomwepo. Mukalemba mutu wake pofufuzira, mumatsitsa mpaka chala kutopa osaiona. Nthawi zina mumaiona pafoni yanu, koma pafoni ya mnzanu kulibe.

Ambiri amathamangira kunena kuti vuto ndi foni yojambulira, kapena kuti otsatira achepa. Kawirikawiri vuto limakhala pa mawu amene mwaimikapo vidiyoyo. Alipo mawu otchuka, aafupi, amene anthu ambirimbiri amalemba tsiku lililonse, monga `farming`, `groundnut farming` kapena `Malawi`. Aliponso mawu aatali olunjika, amene zida zofufuzira zimawatchula kuti `long-tail`: funso lenileni la munthu amene ali ndi vuto limodzi, monga "mtedza wanga wachita chuku nditani". Oyambawo amalembedwa ndi chikhamu, koma mavidiyo olimbirana malo ndi masauzande. Achiwiriwo amalembedwa ndi anthu ochepa, koma oyankha nawonso ndi ochepa, mwina palibe n'komwe.

Kuti nkhani iyende pa chinthu chogwirika, tiyerekeze tchanelo cha mlimi wa kufupi ndi Kamwendo ku Mchinji, chokamba za mtedza ndi soya, chokhala ndi otsatira 23. Vidiyo yake ndi ya mphindi 7, yoonetsa kaumitsidwe ka mtedza ukangokumbidwa, ndipo mutu wake ndi `Groundnut farming in Malawi`. Manambala onse a tchanelo chimenechi ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke. Anu adzakhala ena.

Chifukwa chake mawu otchuka amamiza tchanelo chatsopano

YouTube imanena yokha kuti posanja zotsatira za kufufuza imayang'ana zinthu zitatu: ngati mutu, mafotokozedwe ndi zam'kati mwa vidiyo zikugwirizana ndi zimene munthu walemba, momwe anthu olemba mawu omwewo akhala akuionerera vidiyoyo, ndi zizindikiro zoti tchanelocho n'chodalirika pankhaniyo. Chinthu choyamba chili m'manja mwanu lero lomwe. Chachiwiri ndi chimene chimakugwetsani pa mawu otchuka. Vidiyo imene yakhala pamwamba zaka zitatu pa mawu akuti `groundnut farming` ili ndi mbiri ya anthu ochuluka amene anaidina n'kuionera nthawi yaitali. Yanu ilibe mbiri iliyonse, ndipo siingaipeze chifukwa yaikidwa pansi pomwe munthu safikapo. Wofufuza pafoni amaona mavidiyo atatu kapena anayi oyamba, n'kusankhapo imodzi. Amene bandulo yake ndi yowerengera ndiye satsitsa n'komwe.

Onani masamu ake. Tinene kuti mawu otchukawo amalembedwa ka 5,000 pamwezi, vidiyo yanu n'kukhala pa nambala 60. Pa anthu 5,000 amenewo, ofika pa nambala 60 mwina ndi asanu, ndipo odina angakhale mmodzi kapena palibe. Tsono tinene kuti funso la chuku limalembedwa ka 40 kokha pamwezi, inu n'kukhala pa nambala 2. Pafupifupi onse 40 aona chithunzi cha vidiyo yanu, ndipo ngati asanu ndi mmodzi adina, mwaposa kale zija za 5,000. Anthu asanu ndi mmodziwo ndi amene mtedza uli pabwalo, choncho aonera mpaka kumapeto. Mbiri imene YouTube ikufuna imayambira pamenepo.

Tinene poyera kuti njirayi siibweretsa chikhamu. Vidiyo imodzi yotere ingakupatseni anthu ochepa pasabata. Phindu lake n'lakuti siima ngati ija ya pa WhatsApp, ndipo mukakhala ndi mavidiyo khumi kapena makumi awiri oyankha mafunso osiyanasiyana, pang'onopang'ono ndi mtolo.

Musanasinthe kanthu, onani pamene padwala

Tsegulani YouTube Studio, pomwe mwini tchanelo amakonzera mavidiyo ake ndi kuona manambala ake, kaya pafoni kaya pakompyuta. Pitani pa `Content`, sankhani vidiyoyo, lowani pa `Analytics`, kenako pa `Reach`. Musaweruze vidiyo imene mwaikweza dzulo, chifukwa manambala ena amachedwa kufika ndi masiku ngati awiri, ndipo kufufuza kumayamba kubweretsa anthu mochedwerapo. Ipatseni masabata awiri kapena atatu.

Nambala yoyamba kuiyang'ana si ya oonera ayi. Ndi `Impressions`, kutanthauza kuti chithunzi cha pachikuto cha vidiyo yanu chaonetsedwa kangati kwa anthu mkati mwa YouTube. Chimawerengedwa pokhapokha theka la chithunzicho kapena kuposerapo litaoneka pasikirini kopitirira sekondi imodzi. Munthu amene wabwera podina linki ya pa WhatsApp amawerengedwa ngati woonera, koma pa `Impressions` salowapo. N'chifukwa chake mungaone oonera 41 pamene `Impressions` ndi 60 basi. Pansi pake pali gawo loonetsa kumene oonera achokera: `External` ndi ochokera kunja monga WhatsApp ndi Facebook, `YouTube search` ndi amene anafufuza, `Suggested videos` ndi amene anaiona pambali pa vidiyo ina, `Browse features` ndi amene anaipeza patsamba loyamba.

Pa tchanelo chathu cha ku Kamwendo, pa oonera 41, anthu 36 ndi a `External`, atatu ndi a `Browse features`, awiri okha ndi a `YouTube search`. Apa matenda aoneka: kufufuza sikukubweretsa anthu. Koma zoyambitsa zake zilipo ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo mukazisokoneza mupereka mankhwala olakwika.

Mwamira, kapena palibe amene akufunsa?

Choyambitsa choyamba ndi chija tanena, kumira pa mawu otchuka. Chachiwiri ndi chimene chimagwera amene amva uphungu wakuti alembe mawu aatali n'kuupitiriza muyezo. Munthu amalemba mutu wakuti "Njira zabwino zoumitsira mtedza wa CG7 m'mudzi mwathu kwa Kamwendo chaka chino". Akafufuza mawu onsewo, vidiyo yake ili pa nambala 1, iye n'kusangalala. Koma ndani winanso adzalembe chiganizo chimenecho? Kukhala woyamba pa mawu amene palibe wowalemba kuli ngati kuyala tomato pamsika tsiku lomwe si la msika. Malo abwino mwapeza, ogula kulibe.

Kusiyanitsa ziwirizi n'kosavuta. Pafoni, dinani chithunzi cha akaunti yanu n'kusankha `Turn on Incognito`, kapena bwerekani foni ya munthu amene sanaonerepo tchanelo chanu. Izi n'zofunika chifukwa YouTube imakuonetsani zogwirizana ndi zimene mumaonera, ndiye pafoni yanu vidiyo yanu imatha kukwera mokunamizani. Lembani mawu amene munaimikapo vidiyoyo. Ngati mwadutsa mavidiyo 20 osaiona, ndipo apamwambawo ali ndi oonera masauzande ambiri, mwamira. Ngati ili pamwamba penipeni koma ku Studio `Impressions` sikusuntha, palibe amene akulemba mawuwo.

Pali mfundo imene maphunziro ambiri opangidwira a mayiko ena sanena, koma kwa ife ndi yaikulu. Lamulo lakuti mawu aatali akhale anayi, asanu kapena kuposa ndi la m'Chingerezi, momwe muli mavidiyo osawerengeka. M'Chichewa mavidiyo ndi ochepa, ndipo ofufuza nawonso ndi ochepa. Mawu awiri kapena atatu a Chichewa, monga "chuku mtedza" kapena "katemera wa chitopa", amagwira kale ntchito imene m'Chingerezi imafuna chiganizo chathunthu. Choncho kutalika kwa mawu si muyezo. Muyezo ndi mafunso awiri: kodi alipo amene amalemba mawuwa, nanga mavidiyo amene ali pamwamba ndingawapose?

Kupeza mawu amene anthu amalembadi

Chida chodalirika kwambiri n'chaulere ndipo chili kale pafoni panu: mawu amene YouTube imakumalizirani mukayamba kulemba pofufuzira. Mawu amenewo amachokera ku zimene anthu ena akhala akufufuza. Muli mu `Incognito` momwemo, lembani `mtedza` n'kusiya mpata, muone zimene zituluke. Kenako lembani `mtedza a`, `mtedza b`, `mtedza c`, kupitirira mpaka zilembo zithe. Chitani chimodzimodzi ndi `ulimi wa`, `kalimidwe ka`, `matenda a`, `mankhwala a`, `mtengo wa`. Lembani m'kope chilichonse chokhudza nkhani yanu. Ntchitoyi imatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo siidya bandulo yambiri chifukwa simukutsegula vidiyo iliyonse.

Yesaninso kalembedwe kosiyanasiyana, pakuti anthu salemba monga mwa buku la kusukulu. Wina alemba `mtedza`, wina `ntedza`, wina `nsawa`. Kutsidya kwa malire a Mwami, ku Chipata, ambiri amati `nshawa`, ndipo iwo amamva bwinobwino zimene mlimi wa ku Mchinji akulankhula, n'kulakwa kuwaiwala. Ena amasakaniza zilankhulo, monga `groundnuts Chichewa` kapena `soya farming Malawi Chichewa`, pofuna vidiyo imene angaimve. Mawu osakaniza oterewa nthawi zambiri ndi malo abwino kwa tchanelo chaching'ono, chifukwa dzina la chilankhulo kapena la dziko limachotsa mavidiyo a ku India ndi ku Nigeria amene adzaza pa mawu otchuka aja.

Zidzachitika kuti pa mawu ena a Chichewa YouTube siimalizitsa kanthu. Zikatero, sikuti palibiretu wofufuza, koma ndi ochepa kwambiri. Apa gwiritsani ntchito makutu. Mafunso amene alimi amafunsa alangizi pamsonkhano wa kalabu, amene amafunsa ogulitsa zipangizo zaulimi ku Kapiri kapena pa boma, amene amabwerezedwa pagulu la WhatsApp chaka ndi chaka, ndi omwewo amene munthu amalemba pafoni usiku. Tengani funsolo m'mawu amene wofunsayo ananena. Mlimi sanena dzina la sayansi la poizoni wa mu mtedza. Amati chuku. Sanena dzina la m'buku la matenda opinimbiritsa mtedza. Amati kadukutu kapena khate. Mutu wa vidiyo ulankhule ngati iyeyo.

Mukapeza mawu asanu kapena asanu ndi limodzi, yesani aliwonse poona mavidiyo asanu oyamba amene akutuluka. Kodi mitu yake ikuyankhadi funsolo, kapena YouTube yangotola zoyandikira chifukwa yasowa yeniyeni? Mukalemba za chuku n'kutuluka nyimbo, nkhani za pawailesi ndi vidiyo yophika chiponde, ndiye kuti mpata ulipo. Kodi mavidiyowo ndi akale, a zaka zinayi kapena zisanu? Kodi alipo wa tchanelo chaching'ono ngati chanu amene ali ndi oonera ochuluka kuposa otsatira ake? Chizindikiro chomalizachi ndiye chabwino koposa. Tchanelo cha otsatira 80 chikakhala ndi vidiyo imodzi ya oonera 2,000, anthuwo sanachokere kwa otsatira ake; nkhaniyo ili ndi oifuna, ndipo wamng'ono anatha kuwafikira. Koma ngati mavidiyo asanu onse ndi a matchanelo akuluakulu, atsopano, oyankha funsolo bwinobwino, asiyeni mawuwo muyese ena.

Za zida zina tinene mwachidule, chifukwa zimasokoneza ambiri. Google Trends, chida choonetsa momwe kufufuzidwa kwa mawu kukukwerera kapena kutsikira, ili ndi posankha `YouTube Search`, koma manambala ake a 0 mpaka 100 si chiwerengero cha anthu. Amangofanizira nthawi imene mawuwo anafufuzidwa kwambiri ndi nthawi zina, ndipo ofufuza akachepa imaonetsa 0 kapena kunena kuti ilibe zokwanira. Keyword Planner imawerenga zofufuzidwa pa Google, osati pa YouTube. Zida monga vidIQ ndi TubeBuddy zimapereka manambala ongoyerekeza. Pa mawu a Chichewa zonsezi zimakonda kukhala chete, ndiye munthu amaona 0 n'kuthawira ku `farming`, kubwerera m'dzenje lomwe lija. Musalipire chida chilichonse tchanelo chidakali ndi otsatira 23.

Kukonza vidiyo imene ilipo kale

Musaifufute n'kuikwezanso. Mukatero mutaya oonera ndi ndemanga zimene zinalipo, komanso bandulo. Mutu ndi mafotokozedwe zimasinthika nthawi ina iliyonse: ku Studio sankhani vidiyoyo n'kudina pokonzera `Details`.

Mutu umaloledwa zilembo 100, koma pafoni wautali umadulidwa, choncho mawu amene mwasankha akhale koyambirira. Dzina la tchanelo, moni ndi nambala ya gawo zisatsogole. Pa vidiyo yathu ija, m'malo mwa `Groundnut farming in Malawi`, mutu ungakhale wotere:

```
Kuumitsa mtedza kuti usachite chuku | Groundnuts Chichewa
```

Mbali yoyamba ikugwira wolemba m'Chichewa, yachiwiri ikugwira wosakaniza zilankhulo. Mawu aakulu aja sanatayidwe onse, `groundnuts` alimo, koma tsopano akhala kumbuyo kwa funso lenileni.

Mafotokozedwe amaloledwa zilembo 5,000, koma ambiri amangolembamo "musaiwale kutitsatira". Pamenepa m'pamene tchanelo cha Chichewa chimadzipweteka. Musadalire kuti makina amva zimene mwalankhula m'vidiyo n'kudziwa nkhani yake; zimene mukufuna kuti YouTube idziwe, zilembeni. Mizere iwiri yoyamba inene funso ndi yankho m'ziganizo zenizeni, ndipo kalembedwe kena kaja kalowe mwachibadwa:

```
Momwe mungaumitsire mtedza (ntedza, nsawa, nshawa) mukangokumba
kuti usachite chuku. Tikuonetsa kuunjika, kudziwa kuti wauma,
ndi chifukwa chake simuyenera kuunyowetsa poswa. Mchinji, Malawi.

0:00 Chuku chimayamba bwanji
1:10 Kuunjika mtedza kumunda
3:40 Kudziwa kuti wauma
5:30 Kuswa ndi kusunga m'matumba
```

Mizere ya nthawiyo imagawa vidiyo m'zigawo. Kuti igwire ntchito, woyamba ukhale 0:00, ikhalepo itatu kapena kuposa, ndipo chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Imathandiza wa bandulo yochepa kudumphira pamene akufuna, komanso imawonjezera mawu ofotokoza nkhani yanu.

Pa `Tags`, malo olembapo mawu owonjezera ozindikiritsa vidiyo, musatayepo nthawi yambiri. YouTube imanena yokha kuti amathandiza pang'ono chabe, makamaka pa mawu amene anthu amalakwitsa kalembedwe. Ikanimo `ntedza`, `nsawa`, `nshawa`, `chuku`, basi. Kudzazamo mayina a oimba otchuka kapena a matimu a mpira n'kuphwanya malamulo a YouTube, ndipo ngakhale atabwera anthu, atuluka m'masekondi ochepa, zomwe zimaipitsa mbiri ya vidiyoyo. Chimodzimodzinso magulu aja otsatirana mobwezerana: otsatira amachuluka papepala, koma saonera, ndipo manambala anu a ku Studio amasiya kukuuzani zoona.

Mukasintha, lembani tsiku m'kope pamodzi ndi manambala a tsikulo, kenako musagwirenso kwa masabata atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amasintha mutu Lolemba, chithunzi Lachitatu, mutu winanso Loweruka, sadzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga.

Akuiona koma sakudina

Tinene kuti patapita masabata atatu `Impressions` yakwera kuchoka pa 60 kufika pa 400, koma oonera awonjezeka ndi asanu ndi mmodzi okha. Tsopano vuto lasamuka. Mawu mwapeza, koma wofufuza akudumpha vidiyo yanu. Nambala yoyang'ana ndi `Impressions click-through rate`, gawo la amene anadina mwa onse amene anaona chithunzi. YouTube imati theka la matchanelo ndi mavidiyo limakhala pakati pa 2% ndi 10%. Anthu 6 pa 340 atsopanowo ndi ochepera 2%, ndipo pa funso lolunjika chonchi n'zochepa ndithu.

Chenjerani ndi nambala imeneyi pamene `Impressions` idakali yochepa. Pa 30, munthu mmodzi akadina ndi 3%, atatu akadina ndi 10%. Azibale anu awiri okha atha kuisuntha kuchoka pansi kufika pamwamba. Isanafike mahandiredi angapo, nambalayo siikukuuzani kanthu.

Kawirikawiri cholakwika ndi chithunzi cha pachikuto. YouTube ikasankha yokha, imatola munthu ataima patali m'munda, kapena nkhope ili pakati pa kulankhula. Wofufuza za chuku akufuna kuona mtedza. Jambulani dzanja litanyamula mtedza woswa, mbali ina woyera bwino, mbali ina wa nkhungu, masana pamthunzi kuti kuwala kusawalitse kwambiri. Mawu apachithunzi asapitirire atatu, akuluakulu, oti awerengeke pafoni yaing'ono yosweka galasi. Chithunzi cha mapikiselo 1280 kwa 720 n'chokwanira. Ngati Studio ikukana kuti muike chithunzi chanu, ndiye kuti simunatsimikize akaunti ndi nambala ya foni. Pitani pa `youtube.com/verify`, mulandire nambala yachinsinsi pa uthenga, mpata utseguka.

Onaninso mndandanda wa mawu amene anthu analemba kuti akupezeni, pansi pa `YouTube search`. Oonera akachepa kwambiri mndandandawu umatha kukhala wopanda kanthu, koma ukayamba kudzaza ndi chuma. Mukapeza kuti vidiyo ikutulukira pa `mtengo wa mtedza` pamene inu mukukamba zoumitsa, n'zomveka kuti sakudina: akufuna mtengo. Musasinthe mutu kuti muwakope. Jambulani vidiyo ina yoyankha zimenezo.

Akudina koma akutuluka msanga

Pitani pa `Engagement` muone mzere wa `Audience retention`, woonetsa pamene anthu amasiyira. Ukagwa kwambiri m'masekondi 30 oyamba, mutu walonjeza chimene chiyambi cha vidiyo sichinapereke. Mwambo wathu ndi woyamba ndi moni, kudzitchula, kuthokoza ndi kupempha anthu atsatire tchanelo, ndipo pamsonkhano wa m'mudzi n'zoyenera. Koma munthu amene walemba funso lolunjika ali ndi mtedza wonyowa pakhonde komanso bandulo yotsala pang'ono. Moni akhale wa chiganizo chimodzi, kenako mtedza uoneke ndipo yankho liyambe. Pempho loti atsatire lidikire mpaka munthuyo atapindula kanthu.

Apa mawu aatali olunjika ali ndi mtengo wake. Mukalemba mutu wa chuku, vidiyo ikhale ya chuku. Ngati m'mphindi 7 zija zitatu mukukamba za kubzala ndi kupalira, wofufuzayo achoka, ndipo mbiri imene munkafuna kumanga iwonongeka. Pamenepa kusintha mutu sikuchiza. Vidiyo yotsatira ijambulidwe mozungulira funso limodzi kuyambira pachiyambi. N'chifukwa chake mawu amasankhidwa musanajambule, osati pokweza.

Nyengo ingakunamizeni

Mafunso a ulimi amayenda ndi kalendala ya kumunda. Za kuumitsa mtedza zimafunsidwa pokolola, cha mu Epulo ndi Meyi. Za mbewu, kaya CG7 kaya Chalimbana, kaya soya wa Tikolore, ndi za katalikiridwe ka mapando, zimafunsidwa mvula ikayandikira, mu Okutobala ndi Novembala. Vidiyo youmitsa mtedza ikakhala chete mu Disembala, mawu ake sanalakwike, nthawi yake siinakwane. Musaisinthe mutu. Kwezani vidiyo iliyonse masabata atatu kapena anayi nyengo yake isanafike, kuti ofufuza oyamba aipeze ilipo kale. Wa tchanelo cha fodya ku Kasungu achite chimodzimodzi: za nazale zitsogole nthawi yofesa, za kusankha ndi kudinda mabelo zitsogole kutsegulidwa kwa msika wa ku Chinkhoma.

Nanga mawu otchuka mudzawagwira liti?

Musayembekezere nambala inayake ya otsatira, chifukwa chizindikiro chili ku Studio. Mavidiyo olunjika akachuluka pankhani imodzi, tinene asanu ndi atatu a mtedza okhaokha, mudzaona zinthu ziwiri. Pa `Suggested videos` mavidiyo anu ayamba kutumizirana oonera, ndipo pamndandanda wa mawu ofufuzira payamba kuoneka mawu aafupi amene simunawalondole, monga `ulimi wa mtedza`. Imeneyo ndi nthawi yojambula vidiyo yaikulu, yoyambira kusankha mbewu mpaka kugulitsa, n'kuipatsa mutu wa mawu aafupiwo. Ikani mavidiyo onse a mtedza mu `Playlist` imodzi yokhala ndi dzina lomwelo, ndipo kumapeto kwa iliyonse lozani oonera ku vidiyo yaikuluyo.

Kwerani sitepe imodzi basi. Kuchoka pa "kuumitsa mtedza kuti usachite chuku" mupite pa "ulimi wa mtedza", osati kudumphira pa `farming`. Pa mavidiyo asanu alionse, anayi akhalebe a mafunso olunjika, imodzi ndiyo iyese mawu okulirapo. Ikapita masabata anayi ili pansi pa mavidiyo 20 oyamba mukafufuza mu `Incognito`, isinthireni mutu ugwire funso limodzi la m'kati mwake, monga katalikiridwe ka mizere kapena nthawi yokumba, ndipo mawu aakuluwo mudzawayesenso nyengo yobzala ikubwerayo.